Uthenga womwe mwafufuta mwangozi uli ndi masiku 30 kudzala

Mwana wa mlongo wanga anandiimbira foni madzulo a pa 27 Malichi, mawu akunjenjemera. "Amalume, kalata ija yondiitana ku intavyu yasowa mu imelo. Ndayang'ana paliponse, mulibe." Kalatayo anailandira pa 24 Febuluwale, ndipo inali ndi zonse: tsiku, nthawi, malo komanso mapepala oyenera kupita nawo. Iye anangoloweza kuti intavyuyo ili kumayambiriro kwa Epulo, zinazo anadalira kuti adzaziwerenganso tsikulo likayandikira.

Ndinamufunsa funso limodzi lokha: "Iwe, unasesa liti mu imelo yako?" Anakhala chete pang'ono, kenaka anakumbukira. Pa 3 Malichi foni yake inkadandaula kuti malo atha, ndiye anakhala pansi n'kusankha mauthenga ambirimbiri, otsatsa malonda ndi ena osafunika, n'kudina kachithunzi ka bini. Kalata ya ntchito ija inalowa m'gulu lomwelo iye osadziwa.

Ndinawerengera pa zala. Kuchokera pa 3 Malichi, masiku 30 amakwana pa 2 Epulo. Panali patadutsa masiku 24, kutsala 6. Kalatayo inali ikadalipo.

Ambiri timaganiza kuti tikadina Delete ndiye kuti uthenga wafafanizika pompo. Si mmene zimakhalira mu Gmail, imelo yomwe pafupifupi aliyense wa foni ya Android ali nayo. Kudina Delete kuli ngati kusesa pabwalo n'kukataya zinyalala kudzala. Chomwe mwataya chachoka pakhomo, koma mukazindikira kuti mwasesera kumodzi ndi lisiti lofunika, mutha kupita kuseri kwa nyumba n'kukalitola. Vuto limabwera dzalalo likatenthedwa. Mu Gmail muli foda yotchedwa Trash, ndipo chilichonse chomwe mwafufuta chimakhala mmenemo masiku 30. Akakwana, makompyuta a Google amachichotsa okha, osakufunsani, osakuchenjezani.

Moto wake suotcha dzala lonse tsiku limodzi. Uthenga uliwonse uli ndi masiku akeake, ndipo amayamba kuwerengedwa tsiku lomwe munaufufuta, osati tsiku lomwe unabwera. Uthenga wa zaka zisanu zapitazo mukaufufuta lero, uli ndi masiku 30 athunthu. Womwe unabwera mwezi watha n'kufufutidwa tsiku lomwelo, mwina watsala ndi maola ochepa. Apa mpamene pali msampha womwe ine ndimauona kuti ndi waukulu kuposa yonse. Mukatsegula Trash mu Gmail, deti lomwe likuoneka pambali pa uthenga ndi la tsiku lomwe unafika. Palibe pomwe palembedwa kuti mwatsala ndi masiku angati. Mwana wa mlongo wanga akanaona 24 Febuluwale n'kuganiza kuti mwezi wadutsa kale, kapena wina akanaona deti laposachedwa n'kumazengereza. Choncho mukangoupeza uthenga wanu mu Trash, ubwezeni nthawi yomweyo, zowerengera masiku muzisiye.

Tinachita izi tili pa foni, iye ku Mzuzu ine ku Zomba. Ndinamuuza kuti atsegule Gmail n'kudina timizere titatu tomwe tili pamwamba, kumanzere. Pamatuluka mndandanda wautali wa mafoda, ndipo umayenera kutsika ndithu, kudutsa Sent, Drafts, All mail ndi Spam.

"Amalume, Trash palibe apa."

"Pali mawu oti Bin?"

"Alipo."

Ndi chinthu chimodzi. Foni ikakhala kuti inatcheredwa pa Chingerezi cha ku Britain, monga zilili ndi mafoni ambiri kuno kwathu, fodayi imalembedwa kuti Bin. Ya Chingerezi cha ku America imati Trash.

Mu fodamo munali mauthenga ochuluka kwambiri moti kuwaona umodziumodzi kukanatha bandulo. Pamwamba pa Gmail pali malo olembapo zomwe ukufuna, ndipo iye anali atalembapo kale dzina la kampani ija kangapo konse osapeza kanthu. Chifukwa chake n'chakuti Gmail ikamafufuza siyang'ana mu Trash ndi mu Spam pokhapokha mutaiuza. Munthu amafufuza, pamabwera pambalambanda, ndiye amangoti basi zapita. Kuti iyang'ane kudzala, mumayamba ndi mawu awa kenaka n'kulemba liwu lomwe mukukumbukira kuti linali mu uthengawo:

```
in:trash interview
```

Ngati simukudziwa komwe uthenga unapita, lembani chonchi, ndipo Gmail iyang'ana mafoda onse, kuphatikizapo Spam ndi Trash:

```
in:anywhere interview
```

Kalata ija inatulukira pomwepo. Anaitsegula, n'kudina timadontho titatu ta pamwamba penipeni pa sikirini, kumanja. Pali timadontho tinanso pafupi ndi dzina la wotumiza, koma ito ndi toyankhira ndi kutumizira ena. Pa ta pamwambato pali Move to, ndipo ukadina pamenepo umasankha Primary kapena Inbox, malinga ndi mmene imelo yako inakonzedwera. Pa kompyuta njira yake ndi yomweyi: kumanzere dinani More kuti Trash ioneke, chongani kabokosi ka pambali pa uthengawo, kenaka Move to ndi Inbox.

Patangopita kanthawi anakuwanso. "Yasowanso! Mu Bin mulibe, mu Inbox mulibe." Sinasowe. Uthenga wobwezedwa sukhala pamwamba ngati wangofika kumene. Umabwerera pamalo pake potsata deti lake, ndiye kalata ya pa 24 Febuluwale inakakhala pansi pa mauthenga onse a mwezi wa Malichi. Atatsika anaipeza, n'kuiika kanyenyezi kuti asadzavutikenso. Ndinamuuzanso kuti aijambule ndi foni yomweyo, komanso alembe tsiku ndi malo m'kope. Mwina ndine wachikale, koma pepala silidikira netiweki.

Za netiwekizi ndi zofunika kuzimvetsa. Imelo yanu sikhala mu foni. Imakhala m'makompyuta a Google, foni imangokuonetsani. Ubwino wake ndi wakuti foni ikabedwa kapena kugwera m'madzi, mutha kulowa mu akaunti yanu pa foni ina n'kupeza Trash ili momwemo. Koma zikutanthauzanso kuti kubweza uthenga kumatheka pokhapokha foni italumikizana ndi intaneti. Mukadina Move to bandulo itatha, foni imasunga lamulolo n'kudikira kuti idzalitumize intaneti ikadzabwera. Kwa munthu amene watsala ndi tsiku limodzi, kudikira kumeneko kungamudyere uthenga. Mukabweza, onetsetsani kuti intaneti ikugwira, kokerani mndandanda wa Inbox pansi kuti utsitsimuke, ndipo muone ndi maso kuti uthengawo ulimo.

Chomvetsa chisoni pa nkhani ya mwana wa mlongo wangayu n'chakuti kusesa kwake kuja sikunathandize n'komwe. Zomwe zimadzaza foni kawirikawiri ndi mavidiyo ndi zithunzi, makamaka za m'magulu a WhatsApp, osati maimelo. Malo omwe maimelo amadya ndi ena: Google imapatsa akaunti iliyonse yaulere malo okwana 15 GB, ogawana pakati pa Gmail, Google Drive ndi Google Photos. Ndipo ngakhale vuto likanakhala malo a akauntiwo, uthenga womwe uli mu Trash umawerengedwabe kuti ukudya malo mpaka utachotsedweratu.

Apa mpamene anthu ambiri amadzipweteka okha. Akaona kuti afufuta koma malo sanawonjezeke, amalowa mu Trash n'kudina Empty Trash now, kapena Empty Bin now. Batani limenelo ndi machesi. Limatentha dzala lonse nthawi yomweyo, masiku 30 aja osawayembekezera. Chimodzimodzi Delete forever, yomwe imachotseratu uthenga womwe mwasankha. Gmail imakufunsani kamodzi ngati mukutsimikiza, koma tonse timadziwa mmene chala chimathamangira kudina OK. Malangizo anga ndi akuti mukasesa mauthenga ambiri pakamodzi, musakhuthule Trash tsiku lomwelo. Ngati malo akukukakamizani, yambani mwaona mndandanda wonse, kapena fufuzani ndi `in:trash` mayina a anthu ndi mabungwe omwe mumalemberana nawo zofunika.

Nthawi zina uthenga womwe mukuulira sunafike n'komwe kudzala. Mu pulogalamu ya Gmail ya pa foni, mukakhwekhwereza uthenga kumanja kapena kumanzere ndi chala, umachoka mu Inbox. Ngati simunasinthe makonzedwe ake, kuteroko si kufufuta koma ndi Archive, kutanthauza kuusunga kwina. Umapita mu All mail, ndipo mmenemo mulibe malire a masiku. Zimachitika kawirikawiri foni ikakhala m'manja mwa mwana, kapena mukamayang'ana mauthenga m'minibasi yodumpha m'maenje. Pansi pa sikirini pamabwera mawu oti Undo kwa masekondi ochepa, kaya mwafufuta kaya mwasunga kwina, ndipo mukawadina msanga zonse zimabwerera mmene zinalili. Mukachedwa, pitani mu All mail, tsegulani uthengawo, timadontho titatu, Move to Inbox.

Palinso china chomwe chimadabwitsa anthu. Gmail imamanga pamodzi mauthenga a nkhani imodzi: womwe munalandira, yankho lanu, yankho la winayo, onse pa mzere umodzi. Mukafufuta mzerewo muli mu Inbox, mtolo wonse umapita ku Trash, ndi mayankho anu omwe. Ndiye musadabwe kupeza kuti kalata yomwe munatumiza yasowa mu Sent. Mukabweza mtolowo, zonse zimabwerera limodzi. Koma kalata yomwe munali mukulemba, yosatumiza, nkhani yake ndi ina. Mukadina Discard pa kalata yotere, sipita ku Trash. Undo ikangochoka pa sikirini, yapita.

Nanga masiku 30 akadutsa?

Kwa munthu wa akaunti yaulere, yothera ndi @gmail.com, yankho loona ndi lakuti mwayi ndi wochepa kwambiri. Google ili ndi tsamba lotchedwa Gmail Message Recovery Tool, lomwe linapangidwira makamaka anthu omwe wina anawalowera mu akaunti n'kuwafufutira mauthenga. Kuyesa n'kwaulere, ndipo ndi bwino kuyesa msanga, koma Google silonjeza kuti mupeza kanthu. Kwa amene imelo yake ndi ya kuntchito kapena ya ku sukulu yoyendera Google Workspace, pali chitseko china. Woyang'anira makompyuta wa bungwelo atha kubweza mauthenga mkati mwa masiku 25 kuchokera pomwe anachoka mu Trash. Inuyo simungachite zimenezi nokha, ndiye musachite manyazi kukauza a zamakompyuta kuti mwafufuta kalata ya abwana. Manyazi a sabata zinayi amatha masiku 25 amenewo.

Chenjerani ndi mapulogalamu kapena anthu olonjeza kuti akubwezerani maimelo otayika mukawapatsa ndalama kapena pasiwedi. Uthenga wa Gmail unali m'makompyuta a Google, ndipo ukachoka mmenemo palibe pulogalamu yofukula mu foni yanu yomwe ingakautenge. Chomwe mungapeze pamenepo ndi kutaya akaunti yonse. Njira zothandiza ndi zapafupi. Ngati munatsegulapo chikalata chomwe chinabwera ndi uthengawo n'kuchisunga, yang'anani mu foda ya Downloads ya foni yanu, chifukwa kufufuta imelo sikuchotsa zomwe munakopera kale. Ngati uthengawo unapitanso kwa mnzanu wa muofesi, iye ali nawo. Ndipo amene anatumiza ali ndi kope lake mu Sent. Kupempha kuti "chonde tumizaninso" n'kochititsa manyazi pang'ono, koma kumagwira ntchito kuposa njira zina zonsezi.

Masiku 30 si lamulo la dziko lonse, ndipo amene ali ndi maimelo awiri asamaganize kuti onse amayenda mofanana. Yahoo Mail imakhuthula Trash pakatha masiku 7 okha. Mwana wa mlongo wanga akanakhala wa Yahoo, kalata yake ikanapsa cha pa 10 Malichi, sabata zoposa ziwiri asanadziwe kuti yasowa. Maimelo a Microsoft, othera ndi @outlook.com kapena @hotmail.com, ndi oleza mtima. Foda yawo imatchedwa Deleted Items, imasunga masiku 30, ndipo uthenga ukachoka mmenemo umapita kumalo ena obisika komwe umakhala masiku enanso 30. Kuti mufike kumeneko, tsegulani Deleted Items pa kompyuta n'kudina mawu a pamwamba oti Recover items deleted from this folder. M'maofesi ogwiritsa ntchito Outlook ya Microsoft 365, malo obisikawa amasunga masiku 14, pokhapokha woyang'anira atawonjezera, ndipo sangapitirize masiku 30. Amene anazolowera kudina Shift ndi Delete pamodzi adziwe kuti uthenga wawo umadumpha Deleted Items n'kupita kumalo obisikawa mwachindunji.

Owerenga ambiri afunsa kuti nanga mameseji wamba ndi WhatsApp, popeza n'zomwe timagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Pa mameseji wamba zimadalira foni. Pulogalamu ya mameseji ya Samsung ili ndi Trash kapena Recycle bin pa timadontho titatu, ndipo imasunga masiku 30 ngati inali yoyatsa pomwe munkafufuta. Pa iPhone, kuyambira ndi iOS 16 ya m'chaka cha 2022, muli Recently Deleted, yomwe imasunga pafupifupi masiku 30 n'kukuonetsani masiku otsala pambali pa uthenga uliwonse, chinthu chomwe ndikanakonda Gmail itatengera. Mafoni ambiri, makamaka a mabatani, alibe dzala lililonse. Tsegulani pulogalamu yanu ya mameseji lero muone ngati muli Trash, musanafike poifuna. Ngati meseji yomwe yafufutika ndi yotsimikizira kuti munatumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, musataye mtima: mesejiyo inali chidziwitso chabe, kaundula wa ndalamazo ali ku kampani, ndipo mutha kukapempha kuti akuonetseni.

WhatsApp ilibe Trash. Mukadina Delete for me, mumapatsidwa masekondi 5 oti mudine Undo, basi. Kupitirira apo chomwe chingakupulumutseni ndi kope lomwe WhatsApp imasunga ku Google Drive kapena ku iCloud, ngati munayatsa zimenezo. Pitani ku Settings, Chats, kenaka Chat backup, muone tsiku ndi nthawi yomwe kope lomaliza linasungidwa. Ngati linasungidwa uthenga utafika kale koma musanaufufute, uli mmenemo. Kuti muubweze mumayenera kuchotsa WhatsApp mu foni, kuiikanso ndi nambala yomweyo komanso akaunti yomweyo, n'kudina Restore ikakufunsani. Mtengo wake ndi wakuti mauthenga onse omwe anabwera pambuyo pa kopelo amatayika. Ndipo kope latsopano likasungidwa mutafufuta kale, limalowa m'malo mwa lakale, uthenga uja mulibe. Musanachite zonsezi, kumbukirani kuti Delete for me imafufuta mbali yanu yokha. Mnzanu amene munkalemberana naye akadali nawo uthengawo.

Tibwerere ku Gmail pa vuto limodzi lomwe silichokera ku chala chanu. Ngati mutsegula Trash n'kupezamo mauthenga omwe simunawaonepo, atsopano, osawerengedwa, ndiye kuti pali china chomwe chikuwataya. Kawirikawiri ndi lamulo lomwe linaikidwa mu akaunti loti uthenga uliwonse wochokera kwakuti, kapena wokhala ndi liwu lakuti, uzipita kudzala usanaoneke. Mwina munaliika nokha kalekale pofuna kuthana ndi otsatsa malonda, n'kusankha liwu lomwe likugwiranso makalata abwino. Malamulowa saoneka mu pulogalamu ya pa foni. Lowani mu Gmail pa kompyuta, dinani kachithunzi ka makonzedwe kumanja, See all settings, kenaka Filters and Blocked Addresses, ndipo yang'anani lamulo lililonse lomwe lili ndi mawu oti Delete it. Mukapeza lomwe simukulidziwa, makamaka lokhudza mauthenga a ku banki, dziwani kuti mwina wina analowa mu akaunti yanu. Akuba amaika malamulo otere kuti musaone machenjezo. Lichotseni, sinthani pasiwedi nthawi yomweyo, ndipo ganizirani komwe munalowapo mu imelo pa kompyuta ya eni n'kuiwala kutuluka. Mukangobweza mauthenga osachotsa lamulolo, otsatira adzapitanso komweko.

Foda ya Spam nayo imakhuthulidwa pakatha masiku 30, ndipo makalata oitanira ku intavyu kapena oyankha pempho la sukulu amagweramo nthawi zina inu osalakwa chilichonse. Mukaupeza uthenga wabwino mmenemo, utseguleni n'kudina Report not spam, ubwerera mu Inbox.

Mwana wa mlongo wanga anapeza mauthenga ena awiri ofunika mu Bin usiku womwewo, umodzi wa ku koleji komwe anaphunzira ndi wina wa lisiti la ndalama zomwe analipira. Zotsalazo anazisiya kuti zipse pa 2 Epulo. Inu amene munasesa mu imelo yanu mwezi uno, tsegulani Trash lero, musadikire Loweruka.